Khadi la pa foni likamabwerera ngati chinthu chenicheni

Mukakoka khadi pa sikirini ya foni ndi chala, n'kulisiya musanafike nalo kumapeto, khadilo limabwerera pamalo ake. Ulendo wobwererawo sukwana n'komwe theka la sekondi, koma ndi m'kanthawi kameneka mmene munthu amamva ngati pulogalamuyo inapangidwa mwaluso kapena mongothamanga. Khadi lina limabwerera mofewa, n'kupitirira pang'ono pokha, kenako n'kukhazikika. Lina limagwedera uku ndi uku mpaka maso atatopa. Linanso limabwerera mozengereza ngati likukakamizidwa. Makhadi otere timawaona m'malo ambiri: zidziwitso zimene timakankhira pambali, nyimbo zimene timasintha malo pa mndandanda, ndi zithunzi za mu Tinder, pulogalamu imene inatchukitsa kukankhira khadi kumanja kapena kumanzere.

Kumbuyo kwa kayendedwe kameneka kumakhala sipuling'i yosaoneka, yopangidwa ndi masamu okhaokha. Wopanga pulogalamu amaisintha ndi manambala awiri, ndipo chinsinsi chonse chili pa kudziwa kuti manambala awiriwa ndi omangana. Ukakhudza imodzi, inayo imafunika kuionanso.

Chifukwa chake nthawi yoikiratu siikwana

Njira yakale yosunthira zinthu pa sikirini ndi youza kompyuta kuti chinthu chichoke apa chifike apo m'nthawi yakuti, mwachitsanzo masekondi 0.3, chiyambe pang'onopang'ono n'kumalizanso pang'onopang'ono. Njirayi imagwira bwino pa batani limene mwangodina, chifukwa chinthu chimayamba chili chiimire.

Khadi lokokedwa ndi lina. Pa nthawi imene chala chikulisiya, khadi limakhala lili kale ndi liwiro. Munthu wina amaliponya mwamphamvu, wina amalisiya ataima kaye, wina amalisiya likubwerera kale. Mukalilamula kuti nthawi zonse libwerere m'masekondi 0.3 kuyambira pa liwiro la ziro, ndiye kuti khadi limene limathamangira kumanja liima mwadzidzidzi kenako n'kuyamba ulendo wina. Diso limaona kudukiza kumeneko ngakhale mwini diso sangafotokoze chimene chalakwika.

Sipuling'i ilibe nthawi yoikiratu. Imangofuna kudziwa pamene khadi lili ndi liwiro lake panthawiyo, n'kupitiriza kuchokera pomwepo. N'chifukwa chake makampani akuluakulu anaitenga. Apple inaika kayendedwe ka sipuling'i m'zida za opanga mapulogalamu mu iOS 7 m'chaka cha 2013, ndipo Android nayo ili ndi chida chake chotchedwa `SpringAnimation`.

Mphamvu ziwiri zokokana

Ganizirani galimoto ikamadutsa pa hampu. Pa tayala lililonse pali sipuling'i komanso shoko. Sipuling'i ikapanikizika imakankha kuti ibwerere mmene inalili, ndipo ikapanikizika kwambiri imakankhanso kwambiri. Shoko ilibe kumene ikufuna kupita. Ntchito yake ndi kulimbana ndi kusuntha kulikonse, ndipo kusunthako kukakhala kwa liwiro, nayo imakana mwamphamvu. Galimoto imene mashoko ake anatha imapitiriza kunjanja ikadutsa hampu, chifukwa palibe chomeza mphamvu ya sipuling'i.

Khadi la pa foni lili ndi zinthu ziwiri zomwezi. Choyamba ndi kulimba kwa sipuling'i, kumene m'mapulogalamu ambiri kumalembedwa `stiffness`. Lamulo lake analisindikiza Robert Hooke wa ku England mu 1678: mphamvu ya sipuling'i imakula molingana ndi kutalika kwa mmene mwaikokera. Khadi limene lili patali ndi malo ake limakokedwa mwamphamvu, ndipo likamayandikira mphamvuyo imachepa. Chachiwiri ndi kuletsa, kumene kumalembedwa `damping`, ndipo kumakula molingana ndi liwiro la khadi. Palinso kulemera kwa khadi, `mass`, koma opanga ambiri amakusiya pa 1 chifukwa chilichonse chimene kulemera kungachite chingathekenso posintha manambala awiri aja.

Zonsezi zimakwana pa mzere umodzi:

```
F = -k * x - c * v
```

Apa `k` ndi kulimba, `x` ndi mtunda umene khadi latalikira malo ake, `c` ndi kuletsa, ndipo `v` ndi liwiro. Zizindikiro zochotsera zikusonyeza kuti mphamvu zonse ziwiri ndi zotsutsa: yoyamba imatsutsa kutalikira, yachiwiri imatsutsa kuthamanga.

Popanda kuletsa, khadi silingaime. Likafika pakati, sipuling'i imakhala itasiya kukoka, koma pamenepo ndi pamene khadi limakhala pa liwiro lalikulu kwambiri, choncho limadutsa n'kupita mbali inayo, n'kubwereranso, mpaka kalekale.

Khadi limodzi, maulendo anayi

Titenge khadi limene munthu walikokera kumanja mapikiselo 150, mapikiselo kukhala timadontho timene sikirini imayezeredwa. Waimitsa chala kaye, kenako wasiya. Kulimba taika 400, kulemera 1. Tisinthe kuletsa kokha.

Tiyambe ndi 12. Khadi lithamangira pakati, lidutsa, n'kukafika mapikiselo pafupifupi 56 kumanzere. Libwerera n'kupitirira mapikiselo 21 kumanja, kenako 8 kumanzere, kenako 3. Kuti likhazikike pamadutsa masekondi oposa 0.8. Ngati pa khadipo pali mawu, munthu sangathe kuwawerenga nthawi yonseyo, ndipo ngati pali batani, chala chimaliphonya.

Tiike 30. Khadi lifika pakati mwachangu, lipitirira mapikiselo 4 okha, n'kubwerera mofewa. Diso silizindikira n'komwe kuti pachitika kupitirira. Limangoona kuti khadi lafika ngati chinthu cholemera chimene chinali ndi liwiro. Umu ndi mmene makhadi ambiri okoma m'manja amayendera.

Tiike 40. Khadi silipitiriranso ngakhale pang'ono. Limayandikira malo ake mochepetsa liwiro, ndipo m'masekondi pafupifupi 0.36 limakhala litatsala ndi pikiselo imodzi yokha kuti lifike.

Tiike 80. Mwina mungayembekezere kuti khadi likhazikika msanga kwambiri, koma zimachitika zosiyana. Kuletsa kwachuluka mpaka kukulimbana ndi ulendo weniweniwo. Khadi limayamba bwino kenako n'kumakwawa mapikiselo omalizira, ndipo limatenga pafupifupi sekondi yathunthu. Munthu amaganiza kuti foni yake yayamba kuchedwa, pamene vuto ndi nambala imodzi.

Nambala 40 ija sinabwere mwangozi. Ndi malire a pakati pa khadi logwedera ndi khadi lokwawa, ndipo amapezeka motere:

```
c = 2 * sqrt(k * m)
```

Funani nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani kulimba kuchulukitsa ndi kulemera, kenako muiwirikize kawiri. Kwa ife, 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400, ndipo 20 kawiri ndi 40. Pa malire amenewa khadi limafika mwachangu kuposa pena paliponse popanda kupitirira.

Gawo la malire ndiye nambala yofunika

Mukadziwa malire, muleke kufunsa kuti kuletsa ndi kungati. Muzifunsa kuti kuletsako ndi gawo lanji la malire. Pa maulendo athu anayi, 12 pa 40 ndi 0.3, 30 pa 40 ndi 0.75, 40 pa 40 ndi 1, ndipo 80 pa 40 ndi 2. Gawo limeneli lokha ndilo limanena kuchuluka kwa kupitirira kwa khadi losiyidwa liri chiimire. Pa 0.3 khadi limapitirira ndi 37 peresenti ya mtunda umene linachokera, pa 0.5 ndi 16 peresenti, pa 0.75 ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo pa 1 silipitirira.

Apa ndi pamene ambiri amakodwa. Wopanga pulogalamu wakhutira ndi kulimba 400 ndi kuletsa 30, koma akufuna khadi lizibwerera mwachangu. Akweza kulimba kufika 1600, kuletsa n'kukusiya pa 30. Tsopano malire asamuka, afika pa 80, ndipo 30 pa 80 ndi 0.375 basi. Khadi limene limapitirira mapikiselo 4 layamba kupitirira 42. Iye sanakhudze kuletsa, koma khalidwe la khadi lasinthiratu. Akanayenera kukweza kuletsa kufika 60 kuti gawo likhalebe 0.75. Onaninso kuti kuchulukitsa kulimba kanayi kumangowirikiza changu kawiri. Kukweza kulimba kuchoka pa 400 kufika 450 sikungasinthe chilichonse chooneka, choncho poyesa muzilumpha kwambiri, monga 200, 400, 800, kenako muzichepetsa mpata.

Zida zimene opanga mapulogalamu amagwiritsa ntchito zimasiyana pa nkhaniyi, ndipo kusadziwa kusiyanako kumabweretsa chisokonezo. Mu Android mumapereka gawo lija mwachindunji: `DAMPING_RATIO_LOW_BOUNCY` ndi 0.75, `DAMPING_RATIO_MEDIUM_BOUNCY` ndi 0.5, ndipo `DAMPING_RATIO_NO_BOUNCY` ndi 1. Mukasintha kulimba, khalidwe la kupitirira silisintha. Mu react-spring, chida chotchuka popanga mapulogalamu a pa intaneti, mumapereka manambala osaphika, `tension` kuimira kulimba ndi `friction` kuimira kuletsa. Chidachi chimayambira pa 170 ndi 26, ndipo mukawerengera mupeza kuti malire a 170 ndi 26 ndi kanthu pang'ono, kutanthauza kuti anachiika pafupifupi pa malire penipeni. Kumeneko udindo wowerengera gawo ndi wanu. Munthu amene angatenge 0.75 wa mu Android n'kumulemba pa `friction` apeza khadi likugwedera kwa masekondi ambiri.

Ndondomeko imene imapulumutsa nthawi ndi iyi. Yambani mwaika gawo pa 1, kuti pasakhale kupitirira kosokoneza maso. Sinthani kulimba, mukuwerengeranso malire nthawi iliyonse, mpaka changu cha khadi chikukhutiritseni. Mukatero tsitsani gawo pang'onopang'ono, 0.9, 0.8, 0.7, ndipo muime pamene mwayamba kuona kupitirirako ndi maso, kenako mubwerere m'mbuyo pang'ono. Khadi lalikulu lodzaza sikirini limafuna gawo lokwera kuposa kakhadi kakang'ono, chifukwa limayenda mtunda wautali, ndipo 3 peresenti ya mapikiselo 600 ndi mapikiselo 18, oonekera bwino lomwe.

Palinso funso loti kupitirira kukuyenera kukhalapo kapena ayi. Pa msonkhano wa opanga mapulogalamu wa Apple mu 2018, akatswiri a kampaniyo analangiza kuti munthu ayambe popanda kupitirira, n'kukuwonjezera pokhapokha ngati dzanja la wogwiritsa ntchito ndilo linapereka liwiro. Malangizowa ndi omveka. Khadi limene mwaliponya likapitirira pang'ono, mumamva kuti ndi mphamvu yanu imene yalifikitsa pamenepo. Khadi limene langotuluka lokha mutadina batani likayamba kunjanja, palibe chimene chikufotokoza kunjanjako.

Pamene chala chikusiya khadi

Manambala abwino sathandiza ngati kupatsirana pakati pa chala ndi sipuling'i kwalakwika. Chala chikadali pa sikirini, khadi liyenera kuchitsatira ndendende. Chala chikasuntha mapikiselo 10, khadi lisunthenso 10, popanda sipuling'i yofewa pakati, apo ayi khadi limatsalira m'mbuyo ndipo munthu amamva ngati lamuterera. Malo amene analigwira asungidwenso: ngati wagwira pakona, khadi lisadumphe kuti pakati pake pabwere pansi pa chala.

Chala chikangochoka, pulogalamu iyenera kupereka kwa sipuling'i zinthu ziwiri, malo ndi liwiro. Tibwerere ku khadi lathu, kulimba 400 ndi kuletsa 40. Nthawi ino munthu walisiya pa mapikiselo 150 likuyendabe kumanja pa liwiro la mapikiselo 1500 pa sekondi. Sipuling'i ikalandira liwiroli, khadi limapitirira kumanja mapikiselo ena 11, n'kutembenuka mofewa, n'kubwerera. Mapikiselo 11 ndi ochepa, koma ndi amene amachititsa kuti pasakhale mpata pakati pa dzanja ndi khadi. Liwirolo likatayika, khadi limatembenuka mwadzidzidzi ngati lagunda khoma.

Liwiro liziyezedwa pa kanthawi komalizira chala chisanachoke, osati pa ulendo wonse. Munthu akhoza kukoka mwachangu, n'kuima, n'kuganiza, kenako n'kusiya. Liwiro lake lenileni pamenepo ndi ziro. Samalaninso ndi miyezo: chida china chimayeza liwiro pa sekondi, china pa milisekondi, ndipo kusakaniza ziwirizi kumachulukitsa kapena kuchepetsa liwiro ka 1000. Chizindikiro chake ndi khadi limene limasowa pa sikirini nthawi yomweyo, kapena limene silimva n'komwe kuti laponyedwa.

Liwiro lomweli limathandiza posankha ngati khadi lichoke kapena libwerere. Mukangoyang'ana mtunda, munthu amene waponya khadi mwachangu pa mtunda waufupi amaliona likubwerera, ngakhale cholinga chake chinali chodziwikiratu. Ndi bwino kuyerekeza kumene khadi likanakathera likanasiyidwa kuti lipitirire, n'kusankha potengera malo amenewo. Ndipo ngati khadi likuchoka, malo amene sipuling'i ikukokera asamuke apite kunja kwa sikirini, koma liwiro likhale lomwelo.

Chomaliza pa kupatsiranaku n'chakuti munthu azitha kugwira khadi lili pa ulendo. Akalikhudza likubwerera, sipuling'i iime pomwepo ndipo chala chitenge khadi pamene lili. Pulogalamu imene imakana chala mpaka kayendedwe katatha imaononga phindu lonse la sipuling'i.

Masamu akakumana ndi foni yochedwa

Foni siisuntha khadi mosadukiza. Imajambula chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi pa masikirini ambiri, ndipo mafoni ena amafika 90 kapena 120. Pa chithunzi chilichonse imawerengera sitepe imodzi:

```js
const a = (-k * x - c * v) / m;
v += a * dt;
x += v * dt;
```

Apa `dt` ndi nthawi imene yadutsa chichokere chithunzi chapitacho. Wolemba pulogalamu akangoganiza kuti nthawiyi ndi gawo limodzi la magawo 60 a sekondi nthawi zonse, khadi lake lidzathamanga kawiri pa sikirini ya 120. Nthawi yeniyeni iyenera kuyezedwa.

Koma nthawi yeniyeni nayo ili ndi msampha. Kawerengedwe aka kamaganiza kuti mphamvu sizisintha mkati mwa sitepe, choncho sitepe ikatalika zolakwika zimakula. Pa kulimba 400 ndi kuletsa 30, malire ake ndi mamilisekondi 50. Masitepe akamaposa pamenepo motsatizana, khadi limagwedera mokulirakulira m'malo mokhazikika, mpaka kuuluka kuchoka pa sikirini. Mamilisekondi 50 ndi zithunzi zitatu zokha, ndipo foni yotsika mtengo yokhala ndi mapulogalamu ambiri otsegula imatha kuphonya zithunzi zitatu mosavuta. Amene akupangira anthu a kwathu kuno mapulogalamu ayenera kuliganizira kwambiri vutoli, chifukwa mafoni ambiri amene ali m'manja mwa anthu ndi a mtundu umenewo. Sipuling'i ikalimba kwambiri, malirewo amafupikiranso.

Mankhwala ake ndi kugawa nthawi yadutsayo m'timasitepe ting'onoting'ono tofanana, monga milisekondi imodzi kapena anayi, n'kubwereza mizere itatu ija mpaka nthawiyo itakwana. Pakhalenso malire a nthawi imene ingawerengedwe ulendo umodzi, kuti munthu akatuluka mu pulogalamu n'kubwerera pakapita mphindi, foni isayese kuwerengera mphindi yonseyo.

Sipuling'i ya masamu siifika kwenikweni pa ziro, imangoyandikirabe. Pulogalamu iyenera kuiuza poimira: mtunda wotsala ukachepera theka la pikiselo ndiponso liwiro litatsika kwambiri, khadi liikidwe pamalo ake ndipo kuwerengera kuleke. Zonse ziwiri ziyenera kukwana. Mukangoyang'ana mtunda, khadi lidzaima mwadzidzidzi ulendo woyamba likamadutsa pakati lili pa liwiro. Mukaiwala kuimitsa, foni imapitiriza kuwerengera khadi loima ndipo batire limatha msanga.

Kuyesa ndi chala

Manambala amasankhidwa pa kompyuta, koma chiweruzo chimachitikira pa foni yeniyeni. Mausi ya kompyuta siiponya ngati chala chachikulu. Yesani njira zinayi: kusiya khadi mutaima, kuliponya kunja mwamphamvu, kuliponyera pakati mwamphamvu, ndi kuligwira likubwerera. Njira yachitatu imadabwitsa ambiri, chifukwa ngakhale sipuling'i yoikidwa pa malire imapitirira ngati liwiro ndi lalikulu. Pa khadi lathu la mapikiselo 150, zimenezi zimayamba liwiro lolowera pakati likaposa mapikiselo 3000 pa sekondi. Si cholakwika, koma muyenera kuona ngati kupitirirako sikukuphimba chinthu china chofunika.

Ngati diso likukayika, jambulani sikirini ndi foni ina pa kanema woyenda pang'onopang'ono, ndipo muwerenge kuti khadi ladutsa pakati kangati. Kamodzi ndi bwino. Kawiri kapena kuposa, kwezani kuletsa. Ngati silinadutse koma likuchedwa kumaliza, werengerani gawo lija: likaposa 1 tsitsani kuletsa, likakhala pa 1 kwezani kulimba pamodzi ndi kuletsa.

Pali anthu amene zinthu zogwedera pa sikirini zimawachititsa chizungulire, ndipo mafoni ali ndi posankha kuti kayendedwe kachepe. Pa intaneti pulogalamu imadziwa zimenezi kudzera mu `prefers-reduced-motion`. Kwa anthu amenewa khadi lizitsatirabe chala, chifukwa kusunthako ndi kwawo, koma pobwerera gawo likhale 1 ndipo ulendo ukhale waufupi. Khadi limakokedwa kambirimbiri pa tsiku ndi munthu mmodzi yemweyo, choncho mukamakayika pakati pa 0.6 ndi 0.8, sankhani 0.8. Kupitirira kumene kumasangalatsa ulendo woyamba kumakhala chinthu chodikirira munthu akamafulumira kuwerenga khadi lotsatira.